Ndime ya zisankho m'malamulo a kalabu

Amene mukulemba malamulo a kalabu, kaya ndi ya mpira kaya banki m'khonde, musangolemba kuti komiti idzasankhidwa ndi mamembala basi, lembani kuti chisankho ndi chaka chilichonse mwezi wakuti, voti yachinsinsi papepala, ndipo ovota akhale okhawo amene alibe ngongole ya sonkhesonkhe. Kwathu tinavutika zedi, msungichuma anasowetsa ndalama koma ndime yomuchotsera panalibe, anangokakamira buku ndi makiyi. Ndiye pochotsa munthu lembani chonchi: kalata yodandaula isayinidwe ndi mamembala osachepera 5, mwiniwakeyo apatsidwe masiku 14 adzayankhe pamsonkhano, kenako voti, ngati mulipo 30 pafunike 20 ovomereza. Akachoka, mabuku apereke kwa mlembi pasanathe sabata.