Momwe mungayesere perefyumu pakhungu musanagule

Ambiri timagula perefyumu chifukwa cha fungo limene timamva atangotipopera m'sitolo, koma fungo limenelo silikhala ngakhale theka la ola. Limene mudzayende nalo tsiku lonse ndi lina, ndipo limatulukira mochedwa. N'chifukwa chake ine ndimati perefyumu ayesedwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndalama zisanachoke m'thumba.

M'botolo muli sipiliti ndi mafuta onunkhira amitundumitundu, ena opepuka ena olemera. Onse amafika pakhungu nthawi imodzi, koma amauluka mosiyana. Ganizirani za lalanje: mukalisenda fungo limadzaza chipinda n'kutha msanga, pamene utsi wa nkhuni umakakamira m'chitenje mpaka mawa. Opanga perefyumu amagawa fungo patatu: lapamwamba, lapakati ndi lapansi.

Yambani ndi khungu loyera, losadzola mafuta onunkhira. Poperani kamodzi pamkono, pamene timavala wotchi, botolo likhale patali masentimita pafupifupi 15. Musatikite mikono, chifukwa kutero kumatenthetsa khungu ndipo fungo lapamwamba limathawa msanga. Dikirani mphindi imodzi kuti sipiliti aume, kenako nunkhizani, ndipo lembani nthawi pafoni. Musayese mitundu yoposa iwiri: umodzi mkono uwu, wina mkono uwo.

Mphindi 15 zoyambazo mukumva fungo lapamwamba, lomwe kawirikawiri limachokera ku zipatso za mtundu wa mandimu. Ndi lakuthwa, lotsitsimula, ndipo ndi limene limakopa ogula. Lisakupusitseni. Tulukani m'sitolo, kachiteni zina.

Pakatha mphindi 30 nunkhizaninso. Apa fungo lapakati layamba kumveka bwino, ndipo limakhala maola awiri mpaka anayi. Nthawi zambiri ndi la maluwa, monga rozi ndi jasimini, kapena la zokometsera monga sinamoni. Ili ndi limene anzanu a kuntchito ndi apaminibasi adzamve, choncho lifunseni mafunso enieni. Kodi likukupweteketsani mutu? Kodi latsekemera mopitirira mukatuluka thukuta? Nunkhizani kamodzi pa ola, osati mphindi iliyonse, chifukwa mphuno ikazolowera fungo imasiya kulimva ngakhale lilipo. Mukaona ngati latha, funsani munthu wina kaye. Ambiri amene amadzithira mpaka kutsamwitsa anzawo amalakwitsa pomwepa: iwo sakulimva, ena akulimva kwambiri.

Pakadutsa maola anayi kapena asanu chimatsala ndi fungo lapansi: vanila, mitengo yonunkhira, utomoni. Silipita patali, muyenera kuyandikitsa mphuno pakhungu, koma limatha kukhala mpaka usiku, ndipo pamalaya limafika tsiku lotsatira. Ngati ili simukulikonda, musagule, ngakhale loyamba lija linakusangalatsani chotani.

Chitsanzo chabwino ndi perefyumu wotchedwa Shalimar, amene katswiri wopanga perefyumu Jacques Guerlain anatulutsa ku France mu 1925. Mukapopera 8 koloko m'mawa, chimakulandirani ndi begamoti, chipatso chonga ndimu chimene chimalimidwa kwambiri ku Calabria, kumwera kwa Italy. Fungo lake ndi lowawasa, lowala. Pofika 9 koloko kuwawasa kuja kwachepa, maluwa a rozi ndi jasimini atulukira, ndipo fungo layamba kukhala ngati la paudala. Dzuwa likapendeka, chatsala ndi vanila wofunda wokhala ndi kautsi pang'ono. Munthu amene anagula poyembekeza mandimu tsiku lonse akhumudwa, pamene wokonda vanila akanasiya botolo pashelefu akanangoweruza ndi mphindi zoyamba.

Nthawi zimenezi si zokhazikika. Kutentha kumafulumizitsa zonse, moti perefyumu amene amakhalitsa ku Dedza mu Juni akhoza kufika pa fungo lapansi msanga kwambiri ku Nsanje mu Okutobala. Khungu louma nalo silisunga fungo. Kudzola kaye mafuta opanda fungo kumathandiza. Onaninso zolembedwa pabotolo: perefyumu wolembedwa EDT, kutanthauza eau de toilette, amakhala ndi mafuta onunkhira ochepa poyerekeza ndi wolembedwa EDP, kutanthauza eau de parfum, ndipo kawirikawiri amatha msanga. Papepala loyesera kapena pansalu kusinthaku kumachedwa chifukwa palibe kutentha kwa thupi, ndiye pepala lingokuthandizani kusankha awiri oti muyese pakhungu.

Kuyesa kotereku kumakuchenjezaninso za perefyumu wachinyengo. Ambiri otere amanunkhira mwamphamvu poyamba, chifukwa fungo lapamwamba n'losavuta kutengera, koma pakatha ola limodzi pamkono sipatsala kanthu, kapena patsala kafungo kosasa. Samalani pokha kuti perefyumu weniweni wopangidwa ndi mandimu okhaokha nayenso amatha msanga, poti ndi mmene anapangidwira. Chokayikitsa ndi botolo limene likulonjeza vanila ndi mitengo, koma pofika masana mnzanu akanunkhiza mkono wanu akungomva sopo amene munasambira.