Malikisi a chipidigoli ndi balansi: lembani zimene maso akuona

Aphunzitsi anzanga a Sitandade 3 ndi 4 kuno ku Salima, tikafika pa jimunasitiki ambiri timapereka malikisi mongoganizira. Mwana wamphamvu amene amachita zipidigoli pamchenga ku Senga Bay timampatsa onse, wamanyazi timampatsa theka. Kholo likafunsa chifukwa chake, timasowa choyankha. Rubiriki, tebulo la mizere ndi mabokosi losonyeza zimene mwana achite kuti apeze malikisi akutiakuti, imathetsa zimenezi, koma pokhapokha bokosi lililonse likunena chinthu chooneka ndi maso.

Musayambe ndi mawu oti "bwino kwambiri" kapena "wayesetsa", chifukwa aliyense amawamva mwake. Yambani ndi kuonerera ana asanu akugubuduka, mulembe zimene thupi likuchita. Pa chipidigoli chopita kutsogolo, mwana amanyonyomala, amaika manja pansi motalikirana ngati mapewa ake, amagunditsa chibwano pachifuwa, n'kukankha ndi miyendo. Chogunda pamatiresi chikhale nkhongo ndi mapewa, msana utapindika, mawondo ali pafupi ndi chifuwa. Pomaliza amaimirira osakankha pansi ndi manja.

Kuchokera pamenepa pangani magawo anayi. Malikisi 4 ndi a mwana amene wachita zonsezi ndipo wagubuduka molunjika. Malikisi 3 ndi a amene wagubuduka molunjika, khosi lili lotetezeka, koma podzuka wakankha ndi dzanja. Malikisi 2 ndi a amene wakhotera kumbali kapena wathera chokhala pansi. Amene akufunika kumugwira m'chiuno kuti agubuduke apeze 1.

Pali lamulo limodzi limene ine sindilola kuti lisinthidwe. Mwana akatsamira pamwamba pa mutu, thupi lonse n'kulemera pakhosi, asapitirire 1 ngakhale atadzuka mokongola chotani. Mudzamuzindikira msanga: chibwano chimakhala chotukuka, amaima kamphindi pamutu, kenako msana umagwa wowongoka n'kumveka phu! Kawirikawiri chimachititsa n'chakuti manja sakunyamula thupi, kapena matako sanakwere mokwanira. Mukampatsa 3 mwana wotere, mwauza kalasi yonse kuti kutero kulibe vuto. Mubwezereni ku masewera oyambira, ogona chagada atakumbatira mawondo n'kumayendera msana kutsogolo ndi kumbuyo.

Balansi ndi yosavuta kuyeza chifukwa ili ndi nthawi. Mwana aime ndi mwendo umodzi, manja atatambasula, kwa masekondi atatu. Akakwanitsa osagwedezeka, mwendo wam'mwamba utawongoka, ndi 4. Akakwanitsa koma manja akupalasa, ndi 3. Akadumphadumpha kapena kutsitsa phazi nthawi isanakwane, ndi 2, ndipo akafuna chogwirira ndi 1. Muziyamba kuwerenga mwana atakhazikika, osati pamene akungotukula phazi.

Mzere wachitatu wa rubirikiyi ndi wa kulumikiza chipidigoli ndi balansi, ndipo apa muwerenge masitepe owonjezera pakati pa kudzuka ndi kuima ndi mwendo umodzi. Popanda sitepe ndi 4, imodzi ndi 3, awiri kapena kuposa ndi 2, akaiwala chotsatira mpaka kumukumbutsa ndi 1. Mizere itatu yakwana. Ya "khama" ndi "ukhondo" isiyeni, chifukwa chipidigoli chimatha m'kanthawi kochepa ndipo diso silingagwire zinthu zisanu nthawi imodzi.

Tiyerekeze mtsikana wina. Wabisa chibwano, wagubuduka molunjika, koma wakankha ndi dzanja lamanja podzuka: 3. Waponda sitepe imodzi asanatukule mwendo: 3. Waima masekondi awiri, phazi n'kutsika: 2. Onse pamodzi ndi 8 mwa 12. Chimene mungamuuze chaoneka kale papepala: podzuka atambasulire manja kutsogolo, zidendene zili pafupi ndi matako, ndipo pa balansi ayang'anitsitse chinthu chimodzi chosayenda, monga thunthu la mtengo wa mango.

Musanaigwiritse ntchito pa kalasi yonse, itanani mphunzitsi mnzanu muyeze ana asanu omwewo, aliyense papepala lake, osauzana. Mukasiyana kawirikawiri pamzere umodzi, vuto lili m'mawu a mzerewo, ndiye muwakonze mpaka mugwirizane. Kenako awerengereni ana magawowo m'Chichewa, wina aonetse kusiyana kwa 3 ndi 4.

Pa tsiku loyesa, itanani ana khumikhumi, aliyense ayese kawiri, mulembe malikisi apamwambawo. Inu muime chapambali pa matiresi, pakuti mukaima kutsogolo simuona khosi. Malo akhale amodzi kwa onse. Kunyanja kuno mchenga umatentha dzuwa likakwera, choncho yesani m'mawa kapena pamthunzi. Chipidigoli chichitikire pamatiresi, kapena pamchenga wofewa wochotsedwa miyala ndi minga. Mphasa yoyala pasimenti siteteza khosi. Balansi yokha ichitikire panthaka yolimba pafupi pomwepo, chifukwa pamatiresi a siponji ngakhale mwana waluso amadzandira, ndipo mungamulande malikisi pa cholakwa cha matiresi.