Kalata yoitana mlendo wolemekezeka

"Tikutsegulira chipinda chatsopano chophunziriramo pasukulu yathu ya pulaimale ndipo tikufuna abwana DC adzakhale mlendo wolemekezeka. Kalata yake tilembe bwanji?"

Musanayambe, komiti igwirizane za tsiku, nthawi ndi malo. Mukhalenso ndi ndondomeko ya mwambo ndi chidindo cha sukulu.

1. Pamwamba kumanja lembani keyala ya sukulu ndi tsiku lolembera. Kumanzere lembani udindo wa mlendoyo ndi keyala ya ofesi yake.

2. Ikani mutu: KUKUITANANI KUDZAKHALA MLENDO WOLEMEKEZEKA.

3. Ndime yoyamba inene mwambowo, malo, tsiku ndi nthawi. Dzina la tsikulo lilembedwe pamodzi ndi deti: "Lachisanu, pa 14 Malichi."

4. Ambiri amalakwitsa pa nthawi. Amangolemba yoyambira mwambo, mlendo n'kufika 8 koloko mipando isanayalidwe, mafumu asanafike. Lembani nthawi ziwiri: "Mwambo udzayamba 9 koloko m'mawa, koma inu tikukupemphani mudzafike 10 koloko." Onjezani yothera.

5. Nenani chiwerengero cha anthu komanso kuti ndi ndani: "Tikuyembekeza anthu pafupifupi 400, makamaka ophunzira, makolo ndi mafumu." Osakokomeza ayi. Mlendoyo amakonza zodzalankhula potengera omvera.

6. Tchulani ntchito yawo: kudula riboni ndi kulankhula kwa mphindi 10, m'Chichewa.

7. Apempheni ayankhe pofika tsiku lakuti, muike nambala ya foni ya aphunzitsi aakulu. Iwowo asainire, mudinde chidindo.

8. Kaperekeni pamanja kwa sekilitale wa mlendoyo kudakali masabata atatu, ndipo pakatha sabata imodzi imbani foni kufunsa ngati aiona.