Momwe mungaunikire masamba oyamba a apu musanaipereke kwa alembi a banki mkhonde

Apu ikhoza kukhala yodziwa kuwerengetsa masheya ndi chiwongoladzanja mosaphonya, koma ngati mlembi wa gulu la ku Santhe kapena ku Chamama wakanika kudutsa masamba olembetsera, zonsezo sadzaziona. Atseka foni n'kubwerera ku kope lake. Masamba oyambawa, amene munthu amakumana nawo akangotsegula apu koyamba, mukhoza kuwaunika ngakhale simudziwa kupanga mapulogalamu. Mukufunika foni, mapepala, cholembera ndi anthu ochepa oti ayesere. Pa tsamba lililonse mukufufuza ngati munthu akudziwa chochita, ngati mawu achepa mokwanira, ndiponso ngati akuona kuti akuyandikira kumapeto.

Yambani ngati mlendo

Musaunikire pa foni ya amene anapanga apuyo. Pezani foni yonga imene alembi ali nayo, itel kapena Tecno ya sikirini yaing'ono, ndipo mugwiritse ntchito bandulo, osati intaneti ya mu ofesi. Ngati apuyo inatsegulidwapo kale, pitani ku Settings, kenako Apps, musankhe apuyo, mulowe pa Storage n'kudina Clear data. Ikatero imaiwala zonse n'kuyambanso ngati yangoikidwa kumene.

Dutsani masamba onse, ndipo lililonse mulijambule podina batani lozimitsira foni pamodzi ndi lochepetsera mawu. Kenako tengani mapepala, tsamba limodzi pepala limodzi, mulembe nambala yake ndi chiganizo chimodzi chonena zimene munthu akuchita pamenepo. Muwayale patebulo motsatana. Mavuto ambiri amaonekera pompano, anthu oyesera asanabwere n'komwe. Pepala limene mwalephera kulembapo chochita ndiye kuti tsambalo likungolankhula. Limene chiganizo chake chatalika ndi "komanso" ndiye kuti lasenza ntchito zingapo.

Chotsani zimene zingadikire

Tiyerekeze kuti apu ya banki mkhonde yatipatsa mapepala asanu ndi anayi. Loyamba ndi la malonje. Atatu otsatira ndi zithunzi zofotokoza ubwino wa apuyo. Lachisanu likupempha chilolezo cha kamera, cha malo amene munthu ali, ndi cha manambala a m'foni. Lachisanu ndi chimodzi likufuna nambala ya foni, lotsatira likufuna khodi yobwera pa meseji. Lachisanu ndi chitatu ndi fomu yaitali: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso cha unzika, boma, mfumu yaikulu, mudzi, dzina la gulu ndi mtengo wa sheya. Lomaliza ndi losankhira nambala yachinsinsi. Kusintha chiyankhulo kwabisidwa mkati mwa Settings.

Nyamulani pepala lililonse n'kufunsa kuti: izi zitachoka, kodi mlembi alephera kulemba masheya a msonkhano wa lero? Zithunzi zitatu zija sizipulumuka. Munthu amene waika kale apu safunikanso kukopedwa, ndipo malangizo owerenga asanaone batani lenileni amawaiwala akamafika pa batanilo. Pa fomu yaitali, chofunika lero ndi dzina la gulu ndi mtengo wa sheya. Kuti gululo lili kwa Kaomba, kwa Wimbe kapena kwa Lukwa n'zofunika ku bungwe lolemba malipoti, koma zikhoza kufunsidwa msonkhano woyamba utalembedwa kale. Chiphaso cha unzika ndiye chimaimitsa anthu zedi, chifukwa ambiri amachisunga kunyumba m'chikwama cha mapepala ofunika, sayenda nacho. Ngati pali lamulo lokakamiza kuchifunsa poyamba, tsamba loyambirira linene kuti "Khalani ndi chiphaso chanu pafupi".

Tsamba la zilolezo lichoke lonse. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, apu imatha kupempha chilolezo pa nthawi imene chikufunika, choncho kamera ipemphedwe munthu akadina zojambula chithunzi, pamene chifukwa chake chikuonekeratu. Kupempha msanga kuli ndi mtengo wake. Kuyambira pa Android 11, munthu akakana chilolezo kawiri, foni simufunsanso, ndiye tsiku lofuna kamera adzayenera kukaitsegula yekha mu Settings.

Pa mapepala asanu ndi anayi aja patsala magawo anayi: chiyankhulo, nambala ya foni pamodzi ndi khodi yake, dzina la gulu ndi mtengo wa sheya, nambala yachinsinsi. Chiyankhulo chibwere poyamba penipeni, popeza amene samva Chingerezi sangafike ku Settings kukachisintha.

Werengani mawu, limodzi limodzi

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: mutu wa mawu osapitirira asanu ndi limodzi, chiganizo chimodzi pansi pake ngati chikufunikadi, ndi batani limodzi looneka bwino kuposa china chilichonse. Tsamba la nambala ya foni likhoza kukhala litalembedwa motere: "Kuti tithe kukutumikirani bwino komanso pofuna kuonetsetsa kuti uthenga wanu ndi wotetezedwa, chonde tikukupemphani kuti mulembe nambala yanu ya foni m'bokosi lili m'munsimu." Ulemu ulipo, koma chochita chakwiriridwa kumapeto. Lembani mutu woti "Lembani nambala yanu ya foni", pansi pake "Tikutumizirani khodi pa meseji", ndipo batani linene kuti "Tumizani khodi". Batani lolembedwa Next kapena Submit silimuuza munthu chimene chichitike akadina. Ulemu sunatayike ayi, uli mu "lembani" ndi "tumizani". Onetsetsani kuti apu sikunena "lembani" tsamba lino, kenako "lemba" tsamba lotsatira.

Pali malo amodzi pamene ndimalola mawu kuwonjezeka. Khodi ya pa meseji ndi nambala yachinsinsi yotsegulira apu ndi zinthu ziwiri, koma omasulira amakonda kuzipatsa dzina limodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti kwa anthu ambiri kuno, nambala yachinsinsi imene amaidziwa ndi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo akaona bokosi lofuna manambala anayi amangolemba yomweyo. Tsambalo linene poyera kuti "Sankhani nambala yachinsinsi yatsopano. Musalembe ya Mpamba kapena Airtel Money." Chiganizo chachiwiricho chisachotsedwe ngakhale mukudulira mawu.

Yesaninso bokosi la nambala ya foni mwadala. Tonse tinazolowera kulemba manambala khumi oyamba ndi 0, monga 088 kapena 099. Apu zambiri zimaika +265 kutsogolo n'kumayembekezera kuti munthu asiya 0 uja. Lembani ndi 0 muone. Ikayankha kuti Invalid number, lembani pa pepala kuti ndi vuto lalikulu, chifukwa munthuyo nambala yake akuidziwa bwino ndipo sangaone pamene walakwa. Apu ilandire njira zonse ziwiri. Kiyibodi yotuluka pamenepo ikhalenso ya manambala okha.

Mukatha, pitani ku Settings, pa Display, mukulitse Font size, mudutsenso masamba onse. Azimayi ndi azibambo ambiri osunga mabuku a magulu ndi achikulire ndipo amakulitsa zilembo. Mawu athu ndi aatali, ndiye batani limene linayezedwa ndi Next limadula "Pitirizani" pakati, kapena limakankhidwira pansi kuseri kwa kiyibodi.

Kodi munthu akudziwa pamene wafika?

Woyenda pansi kuchoka pa Chinkhoma amalimba mtima akadziwa kuti kwatsala midzi ingati. Pa apu, mawu oti "Gawo 2 mwa 4" pamwamba pa tsamba amagwira ntchito yomweyo, ndipo amaposa timadontho totuwa timene sitioneka foni ikakhala padzuwa. Werengani nokha ngati chiwerengerocho n'choona. Apu ikanena kuti magawo ndi anayi, kenako lachinayi n'kubereka masamba ena awiri, munthu amasiya kuikhulupirira, ndipo apu yosunga nkhani za ndalama sifunika kuyamba ndi bodza.

Chiyankhulo chiwerengedwe ngati gawo loyamba. Mu 2006 akatswiri awiri, Joseph Nunes ndi Xavier Drèze, anafalitsa kafukufuku amene anachitira pa malo otsukira magalimoto. Makasitomala ena anapatsidwa khadi lofuna zidindo 8 lopanda kanthu, ena lofuna zidindo 10 koma ziwiri zitadindidwa kale. Ntchito yotsala inali yofanana, komabe amene anamaliza anali 19 pa 100 alionse m'gulu loyamba ndi 34 pa 100 m'gulu lachiwiri. Munthu akaona kuti wayamba kale, safuna kusiyira panjira. Mlembi amene wangodina "Chichewa" n'kuona "Gawo 2 mwa 4" ali m'gulu lachiwirilo, ndipo sananamizidwe.

Pamene ulendo umaduka kawirikawiri ndi podikira khodi. Kumudzi meseji ikhoza kuchedwa. Tsambalo lionetse nambala imene khodi yapitako, lipereke njira yoikonza ngati inalakwika, ndiponso liwerenge masekondi otsala kuti munthu apemphe ina. Ndiye chitani zimene iye adzachite: tulukani mu apu kukawerenga meseji, tsegulaninso WhatsApp ndi zina ziwiri, mubwerere. Foni zotsika mtengo zimatseka apu imene yasiyidwa kumbuyo, ndipo ngati mwabwezedwa ku gawo loyamba, zimenezo zikonzedwe china chilichonse chisanakonzedwe. Yatsani Airplane mode muli pa gawo lachitatu, muone ngati apu ikunena kuti netiweki palibe kapena ikungozungulira. Dinaninso batani lobwerera m'mbuyo, muone ngati dzina la gulu munalemba lija likadalipo.

Perekani foni kwa eni ake

Jakob Nielsen, katswiri wofufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaonetsa mavuto ambiri a mtunduwu, ndipo n'kwabwino kukonza n'kuyesanso ndi asanu ena kusiyana n'kuitana khamu kamodzi. Sankhani alembi ndi asungichuma enieni, ndipo muwapeze kumene gulu limakumana, pansi pa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi, mmodzimmodzi.

Nenani kuti, "Amayi, tikuyesa apuyi, sitikuyesa inu. Talembetsani gulu lanu." Mukatero khalani chete. Apa m'povuta, chifukwa mukaona chala chikuyendayenda pamwamba pa sikirini osadina, pakamwa pamayabwa. Musathandize, ingolembani nambala ya tsambalo. Akakuyang'anani, funsani kuti "Mukuganiza kuti pakufunika chiyani apa?" Akafika pa gawo lachitatu, funsani kuti kwatsala magawo angati. Musafunse ngati apuyo ili bwino. Anthu athu ndi aulemu, adzati "ili bwino ndithu" ngakhale atavutika nayo mphindi khumi.

Polembera wopanga apu, vuto lililonse likhale ndi tsamba, zimene munaona ndi zoti asinthe. Mwachitsanzo: "Gawo 2, atatu mwa asanu analemba nambala yoyamba ndi 0 ndipo inakanidwa, mmodzi anasiya. Ilandire nambala yoyamba ndi 0." Ikani pamwamba mavuto amene anaimitsiratu munthu, kenako amene anangomuchedwetsa. Akakonza, dinaninso Clear data, mupite ku gulu lina limene silinaionepo.