Mmene ndinachepetsera mayeso a malo olembapo zaka

Fomu yathu yolembetsera ngongole imalandira anthu a zaka 18 mpaka 60 okha. Poiyesa ndinkalowetsa nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 120, ndiye kuti mayeso 121 nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa. Tsiku linkathera pomwepo, ntchito zina zili chiimire.

Chinandithandiza ndi kugawa zolowetsa m'magulu, njira imene oyesa mapulogalamu amati ikwivalensi patishoning'i. Ndinadzifunsa kuti: ndi manambala ati amene pulogalamu imawachitira zofanana? Wa zaka 25 ndi wa zaka 40 amadutsa pakhomo limodzi, choncho kuyesa onse awiri n'kubwereza chabe. Magulu anatuluka asanu: ochepera 18, a 18 mpaka 60, opitirira 60, zilembo m'malo mwa nambala, ndi malo osiyidwa osalemba. M'gulu lililonse ndinatengamo chimodzi: 10, 35, 75, `abc`, ndi kusalemba kanthu. Pa zisanuzi, 35 yekha ndiye ayenera kulandiridwa.

Koma njirayi payokha siiona m'malire, ndipo apa ndi pamene ndimasamala kwambiri. Mu khodi munali mzere uwu:

```
if age > 18 and age <= 60:
```

Mayeso asanu onse anadutsa bwinobwino, chonsecho munthu wa zaka 18 ndendende ankakanidwa. Ndinawonjezera 17, 18, 60 ndi 61, ndipo 18 anaulula vutolo nthawi yomweyo. Titasintha `>` kukhala `>=`, zinalongosoka. Pano ndimayesa kasanu n'kanayi basi.