Momwe mungawerengere mtengo wa kilomita imodzi musanagule njinga yamoto

Ambiri amene amalipira njinga yamoto tsiku ndi tsiku mu Lusaka amaganiza kuti kugula yawoyawo kungapulumutse ndalama, koma amangowerengera petulo, pamene ndalama zambiri zimathera pa zinthu zimene zimalipiridwa ngakhale njingayo itangokhala pakhomo. Manambala ali m'munsimu ndi oyerekezera, muikepo anu.

Yambani ndi ndalama zosasintha. Tiyerekeze kuti mwagula Boxer pa K36,000 ndipo mudzaigulitsa pa K12,000 patatha zaka zitatu. Mwataya K24,000, ndiye kuti K8,000 pa chaka. Onjezani inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu wa ku RTSA, tinene K1,600. Zonse pamodzi ndi K9,600 pa chaka, kapena K800 pa mwezi. Ngati mwagula pa ngongole, chiwongola dzanja chilowe pomwepa.

Kenako pezani zimene zimatha njinga ikamayenda. Dzazani thanki, lembani nambala ya pa mita ya makilomita, yendani sabata imodzi, mudzazenso, ndipo mugawe makilomita ndi malita amene alowa. Musadalire zonena za wogulitsa, chifukwa njinga yonyamula katundu m'misewu yokumbika ya ku Kanyama imamwa kwambiri kuposa ya pa tala. Ngati lita ya K30 ikufikitsani makilomita 40, petulo ndi 75 ngwee pa kilomita, ndipo muziwerengeranso bungwe la ERB, loika mitengo ya mafuta, likasintha mtengo. Oyilo, matayala, tcheni, masipuloketi ndi mabuleki tiziike pa 45 ngwee, zonse zikhale K1.20.

Tsopano titenge mayi wogulitsa ndiwo zamasamba amene amayenda makilomita 12 patsiku, kupita ku msika wa Soweto ndi kubwerera, masiku 25 pa mwezi. Amenewa ndi makilomita 300. K800 ija ikagawidwa ndi 300 imapereka K2.67, ndipo tikaonjeza K1.20 kilomita imodzi ingamudyere K3.87 atagula njinga yakeyake. Ngati panopa amalipira K25 pa ulendo wa makilomita 6, akulipira K4.17 pa kilomita. Kusiyana kwake ndi 30 ngwee, pafupifupi K90 pa mwezi, ndalama imene ingathe yonse kilachi ikangowonongeka kamodzi. Kwa mayi ameneyu sindingalangize kugula, makamaka ngati masiku opanda katundu angakwere minibasi.

Zinthu zimasintha njinga ikamayenda makilomita 1,000 pa mwezi, pakuti K800 ija imatsika kufika pa 80 ngwee ndipo kilomita imakhala K2 yokha. N'chifukwa chake eni njinga amafuna kuti izinyamulanso anthu kapena katundu. Koma samalani powerengera: mukamusiya munthu ku Matero n'kubwerera wopanda wokwera, makilomita obwererawo adyanso petulo ndi matayala. Gawani ndalama zonse ndi makilomita olipiridwa okha. Ngati theka la ulendo mumayenda nokha, K2 ija yasanduka K4, musanaikepo malipiro a woyendetsa.