Musanatumize kalata yofunsira ntchito kuno ku Lusaka

Powerenga chilengezo cha ntchito, yambani ndi tsiku lotseka, ndipo onani ora lake. Akalemba Lachisanu 17:00, imelo yofika 17:05 ambiri saiwerenganso. Yopereka pamanja, nyamukani m'mawa, chifukwa madzulo Great East Road imadzaza.

Pa zofunika, siyanitsani zokakamiza ndi zongowonjezera mwayi. Akati satifiketi ya Giredi 12 yokhala ndi makirediti asanu, kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu, ndiye kuti makirediti asanu ndi umodzi opanda Masamu sakuthandizani. Akafuna chitsimikizo cha ZAQA, bungwe lotsimikizira masatifiketi a maphunziro, pemphani msanga, sichituluka tsiku limodzi.

Nambala ya ntchitoyo ilembeni pamutu wa imelo monga momwe yalembedwera, ndipo NRC jambulani mbali zonse ziwiri. Wokuuzani kuti mutumize ndalama pafoni kuti akuitaneni, ameneyo ndi wakuba.